Katoni yolemba shuga wochepa ndi imene ikutsekemera kwambiri: chasokonekera n'chiyani?

*Zikomo a katswiri. Ndine mayi wa ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 10, timakhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Mayi anga kumudzi ku Mangochi akudwala matenda a shuga, ndiye ndinayamba kusamala zimene ndimagulira ana. M'shopu ndinayerekeza makatoni awiri a chakudya cha m'mawa chija chothira mkaka. Ina inalemba shuga 7,5 g, ina 9 g. Ndinatenga ya 7,5 koma ndi imene ikutsekemera ngati switi, ndipo katoni ya magalamu 500 ana akuimaliza masiku atatu okha. Kodi opangawa akutinamiza, kapena ine ndi amene sindidziwa kuwerenga? Ndatumiza zithunzi za kumbuyo kwa makatoni onse awiri.*

*Mayi wa ku Rosettenville*

Amayi, lilime lanu silinakupusitseni, komanso opangawo sanalembe bodza. Ndayang'ana zithunzi zanu mofatsa. Manambala onse awiri ndi oona, kungoti sanayezedwe ndi mbale imodzi.

Takumbukirani pamsika kwathu pogula nyemba. Wogulitsa wina amatchula mtengo wotsika pa mbale, mnzake pambali pake wokwererapo. Mayi wodziwa kugula sathamangira kwa wotchipayo asanaone kukula kwa mbale yake, ndipo ena amafika poitembenuza kuti aone ngati sanaikhomere m'kati pansi pake. Pa katoni ya chakudya palinso mbale yoteroyo, kungoti ndi yolembedwa. Pamwamba pa tebulo la manambala lija pali mawu akuti "Serving size", kutanthauza muyeso umene wopangayo akuti munthu mmodzi adye nthawi imodzi. Muyesowu amasankha ndi wopangayo, ndipo n'chifukwa chake umasiyana katoni ndi katoni. Pa katoni imene munagula, ya chimanga ija, analemba magalamu 30. Pa imene munaisiya pa shelefu, ya otsi ndi mphesa zouma, analemba magalamu 60. Ndiye kuti 7,5 wanu uja ndi shuga wa m'kambale kakang'ono, pamene 9 ndi wa m'mbale yaikulu kawiri. Mukanatenga kambale kakang'onoko kawiri kuti kafanane ndi mbale inayo, mukanapeza shuga magalamu 15, osati 7,5.

Ndisanapitirire, nditchule kanthu kamene kamasokoneza ambiri ofika kumene kuno. Ku South Africa amalemba kamchira pamene kwathu timaika kadontho. Mukaona 7,5 g, ndi magalamu 7 ndi theka, si 75.

Tsono njira yoyerekezera makatoni awiri ili pa tebulo lomwelo, ndipo sifuna masamu. Tebulo lija, limene pamutu pake amalemba "Typical nutritional information", lili ndi zigawo ziwiri zotsika. Chimodzi n'cha muyeso wa wopanga uja, "Per single serving". Chinacho ndi "Per 100 g", ndipo pa zakumwa chimakhala "Per 100 ml". Chachiwirichi ndiye ndowa yofanana kwa aliyense. Malamulo a dziko lino okhudza zolembedwa pa mapaketi a zakudya, amene amadziwika kuti R146 ndipo anatuluka mu 2010, amati tebuloli likakhalapo, chigawo cha magalamu 100 chizikhalapo. Ikani chala pa chigawo chimenecho, mutsike mpaka pa mzere wolembedwa "of which total sugar". Pa zithunzi zanu, katoni ya chimanga ikuti 25 g, ya otsi ikuti 15 g.

Ubwino wa nambala ya pa 100 ndi woti imakuuzani gawo la paketi yonse limene ndi shuga. Magalamu 25 pa 100 alionse ndiye kuti mukagawa katoni ija milu inayi yofanana, mulu umodzi wonse ndi shuga yekhayekha. Pa magalamu 500 amene munalipira, 125 anali shuga. Ana sakulakwa kuikonda.

Nanga nambala yabwino ndi iti? Ine ndimagwiritsa ntchito miyeso iwiri, ndipo ndikuuzani kumene yachokera. Ku Britain, pa zizindikiro za mitundu zimene amaika kutsogolo kwa mapaketi, chakudya cha shuga wosapitirira magalamu 5 pa 100 amachiyesa cha shuga wochepa, ndipo chopitirira 22,5 amachiyesa cha shuga wambiri. Kuno, mu 2023 unduna wa zaumoyo unatulutsa malamulo atsopano kuti anthu aikepo ndemanga, ndipo m'menemo unati chakudya choonjezeredwa shuga chikafika magalamu 10 pa 100, kapena chakumwa chikafika magalamu 5 pa mamililita 100, chizikhala ndi chenjezo kutsogolo kwa paketi. Pa miyeso yonse iwiri katoni yanu ya chimanga yagwa. Ya otsi ili pakati pa muyeso wa ku Britain, koma yadutsa 10 uja. Choncho musaione ngati mankhwala. Yangoposa inzake.

Apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalekera panjira. Chigawo cha magalamu 100 chimakuthandizani kusankha m'shopu, koma sichinena zimene zalowa m'mimba mwa mwana wanu. Zimenezo zimadalira mbale ya kunyumba kwanu. Ndipo simukufunika sikelo, chifukwa yankho mwalipereka kale m'kalata yanu. Katoni ya magalamu 500, pa muyeso wa magalamu 30, imayenera kutuluka mbale 16 n'kutsalako pang'ono. Ana awiri akanadya sabata yathunthu ndi tsiku limodzi. Kwanu ikutha masiku atatu. Ana awiri, masiku atatu, ndiye kuti yagawidwa pasanu n'kamodzi, ndipo aliyense akudya magalamu opitirira pang'ono 80 patsiku. Kaya akuthira mbale yodzaza n'kuonjezera, kaya akutapa ndi dzanja akaweruka kusukulu inu muli kuntchito, zonsezo zalowa m'thupi limodzi.

Tiwerengere magalamu 80 kuti masamu aphweke. Ngati pa 100 pali shuga 25, pa 80 pali 20. Nambala imeneyi muigawe ndi 4, popeza sipuni yaing'ono ya tiyi, yosadzaza mpaka kupanga phiri, imanyamula shuga pafupifupi magalamu 4. Ndiye kuti mwana aliyense akudya masipuni 5 a shuga patsiku kuchokera m'katoni imeneyi yokha, pamene inu mumaganiza kuti sakufika masipuni awiri. Kugawa ndi 4 kumeneku ndi chinthu chimene ndimafuna munthu aliyense wotuluka mu ofesi yanga apite nacho. Galamu sitiidziwa maonekedwe ake, koma sipuni timaigwira m'mawa uliwonse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wochita kuthira, pamodzi ndi wa mu uchi, manyuchi ndi juwisi, asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'zakudya patsiku, ndipo n'kwabwino kwambiri akatsika kufika theka la pamenepo. Kwa munthu wamkulu, muyeso woyambawo ndi magalamu pafupifupi 50, masipuni 12, ndipo wachiwiriwo ndi magalamu 25, masipuni 6. Kwa mwana wa zaka 7 ndi wocheperapo, popeza amadyanso zochepa. Ndiye onani: masipuni 5 apita asanavale n'komwe yunifolomu. Kenako tiyi wa masipuni awiri kapena atatu, kabotolo ka juwisi m'chikwama, switi ya pa sipaza pobwerera.

Mukadzagula ya otsi ija, muwerengenso chimodzimodzi, musangotengera masamu a katoni inayi. Magalamu 80 a imeneyo ali ndi shuga 12, masipuni atatu. Koma otsi ndi wolemera, pamene zachimanga zija n'zopepuka ngati mankhusu. Mbale imodzimodziyo mukaidzaza otsi mpaka pamene munkadzazira zinazo, ikhoza kulemera kawiri kapena kuposa, ndipo phindu lonse lathera pomwepo. Chimene chimathandiza n'choti otsi amakhalitsa m'mimba, mwana sabwerera ku katoni msanga. Lembani tsiku limene mwatsegula pa katoni penipenipo ndi bolopeni, ikatha muwerenge masiku.

Pali msampha wina pa tebulo lomweli. Makatoni ena amaonjezera chigawo chachitatu, cha chakudyacho atathiramo kale mkaka, ndipo zakumwa zosungunula ndi madzi kapena za ufa nthawi zina amalemba manambala a chakumwacho atachisungunula monga mwa malangizo awo. Ngati botolo likuti muyeso umodzi wa chakumwa pa miyeso inayi ya madzi, koma kunyumba mumasungunula mokhathamira kuti mtundu uoneke bwino kwa alendo, manambala aja sakukhudzanso kapu yanu. Werengani timawu ta pamutu pa chigawo chilichonse musanakhulupirire nambala ya m'munsi mwake.

Tsopano tibwere ku mndandanda wa zimene anaphatikiza, pamene pamayamba ndi mawu akuti "Ingredients". Umalembedwa ndi zilembo zazing'ono, kawirikawiri m'mbali mwa katoni, ndipo ndi gawo limene ine ndimalikhulupirira kwambiri. Lamulo lake ndi limodzi: zinthu zimalembedwa motsatana ndi kulemera kwake panthawi imene ankaziphatikiza, cholemera kwambiri poyamba, chopepuka kwambiri kumapeto. Wopanga sangaike uchi patsogolo chifukwa choti umamveka bwino. Ndiye zinthu zitatu zoyamba ndi zimene mukugula kwenikweni.

Pa katoni yanu ya chimanga, choyamba ndi ufa wa chimanga, chachiwiri "sugar", chachitatu "glucose syrup", chachinayi uchi, kenako mchere, zokometsera fungo ndi mavitamini. Pa zinayi zoyambirira, zitatu ndi shuga wovala malaya osiyana. Thupi silisiyanitsa. Kugawa shuga mayina angapo kuli ndi zotsatira zimene muyenera kuzidziwa: dzina lililonse palokha limapepuka, ndiye limatsika pa mndandanda. Mukhoza kupeza paketi imene mawu akuti shuga ali pa nambala 4, inu n'kumasuka mtima, pamene mukaphatikiza abale ake onse akanakhala achiwiri kapena oyamba. Simukufunika kuloweza mayina makumimakumi. Gwirani zizindikiro zitatu. Mawu othera ndi "-ose", monga "glucose", "fructose", "sucrose", "dextrose" ndi "maltose", ndi shuga. Paliponse pamene pali mawu akuti "syrup" ndi shuga wamadzimadzi. Ndipo "honey", "molasses" ndi "fruit juice concentrate", kutanthauza uchi, manyuchi akuda otsalira popanga shuga wa nzimbe, ndi madzi a zipatso ouma pang'ono mpaka kukhala nyatenyate, nazonso ndi shuga ngakhale zikumveka zachilengedwe. Mmodzi mwa osalowa m'gululi ndi "sucralose", amene ndi mankhwala otsekemeretsa opanda mphamvu ya shuga.

Mwaona kuti pambali pa uchi analemba 2%? Kutsogolo kwa katoni ija kuli chithunzi cha uchi ukuyenderera pa kamtengo, chachikulu pafupifupi theka la katoni. Malamulo amati wopanga akaonetsa chinthu mwapadera m'dzina kapena pa chithunzi, alembe kuchuluka kwake pa mndandanda. Ndiye chithunzi chonse chija ndi magalamu awiri pa 100, ndipo kutsekemera kotsalako n'kwa shuga wamba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala imeneyi imakuthandizaninso mwanjira ina: chilichonse cholembedwa pambuyo pa uchi sichiposa magalamu awiriwo. Pamene palibe nambala yotero, mchere umagwira ntchito yomweyo. M'chakudya cha mtundu uwu mchere sukhala wambiri, mwina galamu imodzi kapena ziwiri pa 100, apo ayi sichingadyeke. Zonse zobwera pambuyo pa mchere n'zongowaza. Mavitamini amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo amapezeka kumeneko, kumchira. Ndi abwino ndithu, ndipo thupi limawafuna ochepa chomwecho, koma sachotsa ngakhale sipuni imodzi ya shuga uja.

Mndandandawu uli ndi malire ake. Umanena amene ali patsogolo pa mnzake, koma sunena kuti wamusiya patali bwanji. Shuga akhoza kukhala wachiwiri m'mapaketi awiri, mu ina ali magalamu 30 pa 100, mu ina ali 4. N'chifukwa chake sindiwerenga mndandanda popanda tebulo. Nalonso tebulo lili ndi chilema chake, chimene mndandanda umachiritsa. Mzere uja wa "total sugar" umaphatikiza shuga yense, wochita kuthira ndi wobadwa naye chakudyacho, ndipo sunena uyu ndi uti. Katoni yanu ya otsi ikuonetsa bwino zimenezi. Mndandanda wake ukuti otsi 70%, mphesa zouma 12%, kenako shuga, mafuta ndi mchere. Mphesa zouma n'zotsekemera zokha, pafupifupi magalamu 60 pa 100 alionse ndi shuga. Ndiye magalamu 12 a mphesa abweretsa shuga pafupifupi 7. Otsi payekha ali ndi pafupifupi galamu imodzi pa 100. Pa 15 uja, wochita kuthira watsala pafupifupi 7. Tsono yerekezani ndi katoni ya chimanga, mmene mulibe chipatso chilichonse ndipo pafupifupi 25 yense ndi wothira. Kusiyana kwenikweni si 25 ndi 15 ayi, ndi 25 ndi 7. Shuga wa m'chipatso chathunthu amabwera ndi gaga wake ndipo WHO samuwerengera pa masipuni 12 aja, ngakhale mphesa zouma zimamatirira m'mano, ndiye mswachi usaiwalike.

Muyang'anenso zolembedwa m'mabulaketi pa mndandanda. Ngati m'chakudya muli tizidutswa ta chokoleti kapena timibulu tokazinga, zimenezo zimakhala ndi kamndandanda kawo m'mabulaketi, ndipo shuga amabisala mmenemo kachiwiri kapena kachitatu.

Nzeru yochotsera shuga wobadwa naye imagwiranso ntchito pa za mkaka. Mkaka wa ng'ombe uli ndi shuga wake wachilengedwe, pafupifupi magalamu 5 pa mamililita 100, ndiye mukaona nambala imeneyo pa paketi ya mkaka musadabwe, palibe wathiramo kanthu. Chimodzimodzi amasi a kuno, ofanana ndi chambiko chathu, ndi yogati yosakometsera: manambala ake amazungulira pomwepo kapena kutsikirapo. Koma kakapu ka yogati ya sitiroberi kakalemba 12 pa 100, chotsani 5, ndipo otsalawo, pafupifupi masipuni awiri pa magalamu 100 alionse, ndi othira. Mukatembenukira ku mndandanda mudzapeza shuga ali wachiwiri kapena wachitatu, patsogolo pa chipatso chimene chili pa chithunzi.

Zakumwa ndi zimene zimandidetsa nkhawa kuposa makatoni. Bambo wina wa kwathu komweko, wogwira ntchito yaulonda cha ku Fordsburg, anabwera kwa ine atauzidwa kuti shuga wake wakwera. Anasiyiratu zakumwa za gasi, ndipo anali wonyadira kuti tsopano amamwa juwisi wa zipatso zenizeni, paketi ya lita imodzi usiku uliwonse pantchito. Kutsogolo inalembedwa 100% ndiponso "no sugar added". Ndinawapempha kuti adzabwere nayo. Tinaitembenuza limodzi: magalamu 10 pa mamililita 100. Lita ndi mamililita 1000, ndiye magalamu 100. Ndinatenga shuga wa tiyi wa mu ofesi ndi kapu yopanda kanthu, ndinawapatsa sipuni kuti athire okha uku akuwerenga. Atafika pa 15 anaima n'kundiyang'ana. Ndinati pitirizani bambo, mpaka 25. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ine ndimayesa ndikudzithandiza." Mawu aja akuti sanathiremo shuga anali oona. Koma chipatso chikafinyidwa, gaga n'kutayidwa, shuga wake amalowa m'magazi mwamsanga ngati wa chakumwa china chilichonse, ndipo palibe amene angadye malalanje okwana lita ya juwisi nthawi imodzi. Mawu osiyana nawo ndi akuti "sugar free", amene malamulo amalola pokhapokha shuga asapitirire theka la galamu pa 100.

Pa mabotolo, mbale ya wopanga ija imavutanso. Botolo la mamililita 500 likhoza kulemba muyeso wa 250, ngati kuti munthu amamwa theka n'kusunga theka la mawa. Pa chakumwa, tengani nambala ya pa 100 ml, muichulukitse ndi kukula kwa botolo lonse: kasanu pa la 500, katatu n'kanthu pa chitini cha 330. Mudzaonanso kuti zakumwa zambiri za kuno zili ndi manambala otsika kuposa mmene mumayembekezera. Chifukwa chake n'choti kuyambira mu Epulo 2018 boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera, wolipiritsa galamu iliyonse ya shuga yopitirira magalamu 4 pa mamililita 100. Makampani ambiri anachepetsa shuga n'kuonjezera mankhwala otsekemeretsa, amene mudzawapeza pa mndandanda pansi pa mawu akuti "non-nutritive sweeteners". Shuga watsikadi, koma lilime la mwana likuphunzirabe kuti chakumwa chiyenera kutsekemera, ndiye sindilangiza kuti zikhale za tsiku ndi tsiku. Juwisi wa 100% sanalowe mu msonkhowu, ndipo nambala yake sinasunthe.

Za mayi anu ku Mangochi ndinenepo mwachidule, poti ndikudziwa kuti ambirife timatumiza katundu kumudzi pa basi. Kwa munthu wodwala matenda a shuga, mzere wa shuga wokha sukwanira. Pamwamba pake pali mzere wolembedwa "Glycaemic carbohydrate", umene umaphatikiza shuga ndi ufa wonse umene thupi limausandutsa shuga pogaya. Mabisiketi kapena phala la m'paketi longothira madzi otentha likhoza kukhala ndi shuga wochepa pa tebulo, koma ngati ndi ufa woyera wosalala, limakweza shuga wa m'magazi mofulumira ndithu. Mukamawagulira, yang'anani mizere yonse iwiri, kuonjezapo wa "Dietary fibre", wa gaga, umene ukakwera ndi bwino. Ndipo muyeso wa chakudya chawo aziugwirizana ndi a kuchipatala kumene amalandira mankhwala, chifukwa umayenderana ndi mankhwalawo.

Mudzakumananso ndi mapaketi opanda tebulo n'komwe, makamaka a makampani ang'onoang'ono. Pansi pa R146 tebulo limakakamizidwa pamene wopanga wanenapo kanthu za ubwino wa chakudyacho m'thupi, monga kuti chili ndi mafuta ochepa kapena gaga wambiri. Akapanda kunena kanthu, akhoza kulisiya. Pamenepo mndandanda ndi umene mwatsala nawo, ndipo ngati shuga kapena m'bale wake ali pa zitatu zoyamba, chiyeseni chakudya cha apo ndi apo. Koma paketi yopanda mndandanda, yopanda dzina ndi adiresi ya wopanga, yopanda deti, monga timapaketi tina tomangidwanso timene timapezeka m'misewu, imeneyo musawagulire ana.

Mukandifunsa chimene ndingachite m'nyumba mwanu, sindingagule iliyonse mwa makatoni awiriwa kuti ikhale ya m'mawa uliwonse. Pa shelefu yomweyo, kawirikawiri m'munsi, pali otsi wosasakaniza kanthu. Mndandanda wake ndi liwu limodzi, shuga wake ndi pafupifupi galamu imodzi pa 100, ndipo mukayerekeza mtengo pa kilogalamu pa kapepala ka pa shelefu, nthawi zambiri ndi wotsika. Kapena phala lathu lomwe lija la ufa wa chimanga, popeza ufa wa m'mashopu kuno umathiridwa mavitamini ndi ayironi mwalamulo kuyambira 2003. Muthiremo nsinjiro, nthochi yodula, ndi sipuni imodzi ya shuga ndi dzanja lanu. Sipuni imodzi imene mwaiona ndi magalamu 4. Ngakhale mutathira ziwiri, simunafike theka la zimene akudya panopa.

Koma ana amene azolowera 25 sangalandire phala lotero tsiku limodzi, adzalikankha, inu n'kukhumudwa, ndipo m'mawa wa tsiku la ntchito si nthawi yokangana ndi mwana. Katoni imene yatsala musaitaye. Sabata yoyamba, phikani otsi kapena phala, muwaze zachimangazo pamwamba, dzanja limodzi pa mbale, ngati ndiwo osati ngati nsima. Katoniyo muiike pamwamba pa kabati, pomwe sangatape masana, ndipo pamalo pake musiye mtedza wokazinga kapena chipatso. Sabata yachiwiri muchepetse dzanja lija. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo wamkulu uja wa zaka 10 mukamupatsa ntchito yopeza nambala ya pa 100 m'shopu n'kuigawa ndi 4, adzakhala woyamba kukuuzani kuti iyi ayi amayi, ili ndi masipuni 6. Ngati nsinjiro zikusowa ndipo mwaganiza zothira chiponde cha m'botolo, nachonso muchitembenuze: china chimalemba mtedza ndi mchere basi, china chimalemba mtedza, kenako shuga.